Mizere Inayi ya Alamu Anga

Apongozi anga aakazi atafika polephera kuwerama ndi khasu, anaganiza zogawira ana awo aakazi awiri munda iwo akadali ndi moyo. Ankati aona mabanja ambiri akusiya kulonjerana chifukwa cha malire amene mwini wake anamwalira asanawaloze, ndipo sankafuna kuti ana awo adzakhale nkhani ya pamjigo. Uthenga unatipeza ku Chileka, kumene ndinkaphunzitsa sitandade 7. Amalume a akazi anga, omwe ndi eni mbumba, anaimba foni Lachitatu masana nkunena kuti Loweruka tipite kumudzi, ndipo akamwini asaiwale chingwe choyezera.

Akamwiniwo ndinali ine. Zaka zonse zimene ndinakhala pabanja, kumudzi kwa akazi anga ankandiitana pakakhala denga la khitchini lofuna kufolera, matumba ofuna kunyamula kapena mbuzi yofuna kusenda. Za munda mkamwini sayankhulapo, amangolima. Tsopano kwa nthawi yoyamba ankafuna mutu wanga, osati msana, ndipo sindibisa, zinandikoma kwambiri.

Ndinakabwereka tepi ya mamita 50 kwa mphunzitsi wa zamasewera, ija timayezera bwalo la mpikisano wothamanga. Ndinatenganso kope latsopano, rula ndi zolembera ziwiri, chabuluu ndi chofiira. Loweruka m'mawa nditavala shati yanga yoyera, akazi anga anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi nkundifunsa ngati ndikukayeza munda kapena ndikukafunsira mkazi wina. Ndinawayankha kuti ntchito iliyonse ili ndi ulemu wake. Iwo anangoika chitenje chachikale m'chikwama.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuotcha kuyambira m'mawa. Tinakwera minibasi mpaka pa Kameza, nkusinthira ina yolowera ku Zalewa, ine tepi ili pamiyendo ngati mwana. Titatsika pa Lirangwe tinayamba tadzera pakhonde la golosale pomwe alamu anga, mkulu wawo wa akazi anga, amasokerapo zovala.

Alamu angawa analekeza sukulu sitandade 6, ndipo nkhaniyi amainena okha nthawi iliyonse akafuna kundigonjetsa pa mkangano. Ndi mayi wamtali, wosachedwa kuseka, tepi yawo yosokera siichoka m'khosi ngakhale kutchalitchi imangobisala m'kati mwa bulauzi. Ine ndi iwo timatana chipongwe cha pachilamu kuyambira tsiku la chinkhoswe. Nthawi ina ndinawapatsa thalauza kuti andifupikitsire, mwendo umodzi nkutuluka wautali kuposa unzake. Nditadandaula anandiuza kuti thalauzayo ili bwinobwino, miyendo yangayo ndi imene Mulungu anaiyeza mothamanga. Amanditchula kuti aphunzitsi, koma amalikoka dzinalo mwanjira yoti munthu sungadziwe ngati akukulemekeza kapena akukuseka.

Tsiku limenelo anatseka makina, natenga thumba lawo la sizasi ndi choko chifukwa ankati pakhondepo zinthu zimamera miyendo, ndipo tonse atatu tinakwera makabaza kulowera njira ya ku Chigaru.

Tinapeza amalume atafika kale, atasema zikhomo zingapo za mtengo. Apongozi anali pamphasa pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa munda. Ndinagwada patali ndithu nkuwalonjera, iwo nayankha akuyang'ana kumbali monga mwa masiku onse. Kupatula moni, zaka zonsezo ine ndi apongozi tinkayankhulana kudzera mwa akazi anga, ngakhale titakhala pamphasa zoyandikana.

Mundawo unali wosavuta kuyeza, ndipo chifukwa chake anali malemu apongozi aamuna. Iwo anali mmisiri womanga nyumba, ndiye pamene ankalandira malowo anawadula ndi chingwe ngati akuyala maziko, ngodya zonse zoongoka bwino, nkubzala khonje m'malire. Poyamba unali munda wa mbali zinayi basi. Kenako anthu a m'mudzi atafuna malo omangapo sukulu ya mkombaphala, apongozi aakazi anapereka ngodya imodzi ya kumtunda, mbali ya kum'mawa. Kuyambira pamenepo mundawo unkaoneka ngati chilembo cha L, sukulu itakhala m'khwapa mwake ndi mpanda wake wa nsungwi.

Amalume anafotokoza zimene banja linagwirizana. Malire atsopano ayambire kumsewu, kumunsi kwa munda, nkukwera moongoka mpaka kumtunda, kuti aliyense akhale ndi polowera ngolo. Alamu atenge mbali ya kumadzulo chifukwa ndi imene yayandikana ndi nyumba yawo, akazi anga atenge ya kum'mawa, komwe kuli sukulu. Ndipo mbali ziwirizo zikhale zofanana, wina asapose mnzake ngakhale ndi phazi.

Tinayamba kuyeza. Amalume ankagwira kumutu kwa tepi, ine ndikukoka ndi kulemba, akazi anga akuonetsetsa kuti tepi isakodwe m'ziputu, alamu akunyamula zikhomo ndi kupereka ndemanga zomwe palibe anawapempha. Mbali zazitali tinkaziyeza pawiri popeza tepi inkathera pa 50. M'mbali mwa msewu tinapeza mamita 80. Malire a kumadzulo, kuchokera kumsewu kukwera, mamita 60. Kumtunda, mpaka pomwe mpanda wa sukulu unayambira, mamita 50. Ndiye tinatsika ndi mpandawo mamita 24, nkukhota nawo kulowera kum'mawa mamita 30, kenako kuchokera pamenepo kutsikira kumsewu mamita 36. Ndinaonetsa amalume kuti 50 ndi 30 zikupanga 80 wa kumsewu, ndipo 24 ndi 36 zikupanga 60 wa kumadzulo, kusonyeza kuti tepi sinatinamize. Anagwedeza mutu mokhutira, ine mtima nkukula.

Pomwe tinkabwerera pamtengo wa mango shati yoyera ija inali itasanduka yofiirira. Tinamwa thobwa, ine nkutsegula kope. Ndinajambula mundawo ndi rula, nkulemba manambala m'mbali mwake. Papepala ngodya ya sukulu ija inatuluka yaing'ono, moti manambala atatu, 24, 30 ndi 36, anapanikizana pamodzi ngati anthu a mpando wa kumbuyo m'minibasi.

Kenako ndinayamba kuphunzitsa, chifukwa mphunzitsi akaona anthu atakhala pansi sangapirire. Ndinafotokoza kuti munda wokhota chonchi sitiwerengera kamodzi, timaudula kukhala zigawo za mbali zinayi, nkupeza kukula kwa chigawo chilichonse pochulukitsa mulitali ndi mulifupi, kenako nkuphatikiza. Ndinajambula mzere wotsika kuchokera pakona ya mpanda wa sukulu mpaka kumsewu. Kumadzulo kwa mzerewo kunatsala chigawo chachikulu, 50 kuchulukitsa ndi 60, masikweya mita 3,000. Kum'mawa kunatsala chaching'ono, chija chili kumunsi kwa sukulu. Ndinayang'ana manambala opanikizana aja, nkutenga 30 ndi 24, nkupeza 720. Zonse pamodzi 3,720. Theka lake 1,860. Popeza mbali ya alamu inali yotalika mamita 60, ndinagawa 1,860 ndi 60 nkupeza 31. Ndinalengeza kuti malire akhala mamita 31 kuchokera kumadzulo. Ndipo ndikuvomera, ndinatenga cholembera chofiira nkudzichongera ndekha.

Amalume anati sukulu ndi yabwino. Apongozi anauza akazi anga kuti andithokoze. Tinapita kukakhoma zikhomo ziwiri, china kumsewu, china kumtunda, chilichonse pa mamita 31, nkukoka chingwe pakati pake.

Alamu sanabwerere nafe pamthunzi. Anayenda kutsata chingwecho mpaka kumtunda, nkuima manja ali m'chiuno. Anayang'ana kumadzulo, nayang'ana kum'mawa, kenako analowera kuseri kwa sukulu nkukhalako kanthawi. Pobwera ankayenda pang'onopang'ono, ndipo atakhala pansi anayamba atathira thobwa m'kapu.

"Aphunzitsi," anatero, "diresi mwandisokerali landithina m'chiuno."

Ndinaseka nkuwauza kuti maso amanama. Mbali ya mng'ono wawo inkaoneka yotakata kumsewu chabe, koma kumtunda inali itadyedwa ndi sukulu. Iwo anati zimenezo akuziona, sikuti ndi akhungu, koma mundawu aulima kuyambira ali mtsikana ndipo msana wawo ukudziwa pomwe theka limafika. Amalume anawauza kuti msana ndi msana, nambala ndi nambala, ndipo nambala siikondera munthu. Akazi anga anayamba kuthothola udzu pansi osayang'ana aliyense. Ndinaona kuti chipongwe chikufuna kusanduka nkhani, ndipo nkhani yake ndi yomwe ija apongozi ankaiopa.

Ndinapereka kope kwa alamu kuti aone okha. Analibweza osalitsegula nkomwe, nati za kuchulukitsa anazisiya sitandade 6 ndipo sanazisowepo. Anatsegula thumba lawo, natulutsa pepala la thumba la simenti lomwe amadulira mapatani, nalidula ndi sizasi mbali zinayi, kenako nkubudula ngodya imodzi. Linatuluka ngati munda uja. Analipinda motsika monga ndinadulira ine, nandifunsa ngati ndi momwemo. Ndinavomera. Analitambasula, nalipindanso mopingasa, kutsata mpanda wa kumunsi kwa sukulu mpaka kumadzulo.

Anafotokoza kuti anthu ambiri amawabweretsera nsalu yotsala, yodulidwa kale pakona, nkumafuna kuti mutuluke siketi. Iwo asanaike sizasi amaiyeza kawiri, koyamba moitsata, kachiwiri mopingasa, chifukwa nsalu ukaidula siibwerera.

"Nsalu ndi imodzi yomweyo, alamu. Muidule chotsika, muidule chopingasa, siichuluka ndipo siichepa. Ndiye tadulani uku, tione ngati nambala yanu ibwere yomweyo."

Chomwe chinandipweteka nchakuti zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe. Chaka chilichonse ndinkauza ana a m'kalasi mwanga kuti akamaliza samu yotere aidulenso njira ina, mayankho akafanana ndiye apume. Ena ndinkawachotsera malikisi chifukwa chosatero. Koma ine ndinali mphunzitsi, ndipo ndinali nditachonga kale ndi chofiira.

Ndinavomera mwaulemu wa munthu wofuna kusangalatsa mwana. Ndinatsegula tsamba lina, nkujambulanso munda, ulendo uno manambala motalikirana popeza ndinkafuna kuti alamu aone bwino mmene akugonjera. Ndinadula mopingasa. Kumunsi kunatuluka chigawo chachitali chotsata msewu, mamita 80 mulitali, mamita 36 kukwera. Ndinachulukitsa nkupeza 2,880. Kumtunda kunatsala chigawo choyandikana ndi sukulu, mamita 50 ndi mamita 24, chomwe ndi 1,200. Nditaphatikiza ndinapeza 4,080.

Ndinayang'ana tsamba loyamba. Panali 3,720.

Ndinabwerezanso chamumtima, yankho osasintha. Ndinatulutsa foni ngati ndikuona nthawi, nkubwerezanso pa kakyuleta pansi pa kope, yankho lomwelo. Sindinama, maganizo oti ndingotseka kope nkunena kuti zafanana anandidutsa. Palibe akanandifunsa. Koma akazi anga anali atasendera kale pafupi, ndipo iwo anafika fomu 4. Anawerenga manambala onse awiri mokweza, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga mawu kutchalitchi.

Alamu anafunsa ngati munda wakula pamene tinali kumwa thobwa.

Ndinayesa kudziteteza ndi chilungamo chomwe chinatsala. Ndinati mayankho awiri akasiyana, zimangotiuza kuti penapake palakwika, koma sizitiuza kuti lolakwika ndi liti. Mwina ndi loyamba, mwina ndi lachiwiri. Zimenezo zinali zoona, ngakhale ndinkazinena ndi chiyembekezo chakuti lolakwika likhala la alamu. Amalume, omwe akhala nkhoswe ya maukwati ambiri, anati ngati zili choncho tingotenga pakati pa manambala awiriwo, aliyense ataye pang'ono, tizipita. Alamu anawayankha kuti iwo akayeza chiuno cha munthu kawiri nkupeza zosiyana sadula pakati, chifukwa siketi yoteroyo siikwana mwini wake kapena wina aliyense. Amalume anati ana a masiku ano alibe ulemu, koma ankaseka.

Nthawi yonseyi apongozi ankasenda mango ndi kampeni. Kenako anayankhula kwa akazi anga, ine ndikumva mawu aliwonse. Anati iwo za manambala sazidziwa, koma akudziwa kuti amuna awo anawasiyira munda wathunthu wa mbali zinayi, ndipo iwo anachotsapo ngodya imodzi yokha. Ndiye bwanji apongozi awo, kunena ine, awerengere munda wonse mmene unalili kale, kenako achotsepo pomwe pali sukulu.

Akazi anga anatembenuka nkundiuza zomwezo, mawu ndi mawu, ngati ndinali kutsidya kwa mtsinje.

Ndinatsegula tsamba lachitatu. Munda wathunthu, 80 kuchulukitsa ndi 60, unali 4,800. Malo a sukulu, mamita 30 mulitali ndi mamita 24 mulifupi. Ndisanamalize nkomwe kulemba dzanja linaima lokha, chifukwa samu imeneyi ndinali nditaichita kale tsiku lomwelo. Yankho lake linali 720, yemwe uja wa patsamba loyamba. Nditachotsa 720 pa 4,800 panatsala 4,080.

Apa zonse zinaonekera poyera. Pa kudula koyamba, chigawo cha kumunsi kwa sukulu chinali mamita 30 ndi mamita 36. Ine pa manambala opanikizana aja ndinatola 24 m'malo mwa 36, moti ndinawerengera bwalo la ana a mkombaphala nkusiya munda weniweni. Ndinakonza: 30 kuchulukitsa ndi 36 ndi 1,080, kuphatikiza 3,000 uja, 4,080. Njira zonse zitatu tsopano zinkanena chimodzi.

Ndinafotokoza cholakwa changa mmene ndikanafotokozera cha mwana wina, koma mawu ankatuluka otsika. Amalume anafunsa funso lomwe ndinkapemphera kuti asafunse, lakuti nanga pa zikhomo tinakhoma zija, wapindula ndani. Ndinawerengera. Alamu anali ndi 1,860. Zotsala zonse, 2,220, zinali kwa akazi anga. Kusiyana kwake masikweya mita 360, ndipo onsewo anagwera kunyumba kwanga.

Ndinamva kutentha komwe sikunali kwa dzuwa. Mkamwini waitanidwa kamodzi kokha pa nkhani ya munda, ndipo walakwitsa mokomera mkazi wake. Ndikanalakwitsa mokomera alamu anthu akanati ndine wopusa chabe, zomwe munthu amatha kukhala nazo. Koma izi zinali ndi dzina lina, ndipo zikanadziwika patapita zaka, khonje atamera kale, palibe akanakhulupirira kuti inali ngozi.

Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope ili gwa, ine ndikudikira chiweruzo. Kenako anatembenukira kwa mng'ono wawo.

"Iwe unapeza mwamuna," anatero. "Anzathu amagulira akazi awo chitenje. Awa akuberera munda, masana, pamaso pa amalume, atavala shati yoyera."

Amalume anaseka mpaka kutsamwa ndi thobwa. Akazi anga, omwe nkhope inali itagwa kwa nthawi yonseyo, anayankha kuti achemwali asandinamizire nzeru zimene ndilibe, chifukwa munthu amene amaiwala mchere atatumidwa mchere wokhawokha sangakonze chiwembu cha masikweya mita 360. Sindinadziwe ngati akunditeteza kapena akundimaliza, koma ndinalandira.

Chomwe sindinayembekezere chinachokera pamphasa. Apongozi anaika mpeni pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatireni mwana wawo anayankhula kwa ine mwachindunji, ngakhale maso anali pa mango.

"Apongozi, wakuba sawerengera kachiwiri anthu akuona. Kazulani zikhomozo."

Ndinaomba m'manja mwaulemu. Theka la 4,080 ndi 2,040, ndipo kugawa ndi 60 kunapereka 34. Malire ankayenera kusuntha mamita atatu kulowera kum'mawa. Ndinadzuka kuti ndikazule chikhomo, koma alamu anandikoka shati nkundibweza pansi. Anati mbali yawo aimva, koma tsopano akufuna ndiwerengere ya mng'ono wawo, ndipo kawiri, kuopa kuti manyazi angandichititse kubera mkazi wanga yemwe.

Ndinachita momwemo. Malire akakhala pa 34, akazi anga ankatsala ndi kachigawo ka mamita 16 kofika kumtunda, ndi chigawo chija cha kumunsi kwa sukulu. Kudula chotsika, 16 kuchulukitsa ndi 60 ndi 960, kuphatikiza 1,080, zinakwana 2,040. Kudula chopingasa, kumsewu kunali mamita 46, kuchulukitsa ndi 36 ndi 1,656, kumtunda 16 ndi 24 ndi 384, zonse pamodzi 2,040. Ndinatembenuza kope kuti onse aone. Alamu anatenga cholembera changa chofiira m'thumba la shati, nachonga okha masamba onse, kupatula loyamba lomwe analembapo mtanda waukulu kuchokera pakona kufika pakona.

Tinazula zikhomo nkuzikhoma pa mamita 34. Amalume anakumba timaenje motsata chingwe, akazi anga ndi alamu akubzala tiana ta khonje totengedwa m'malire akale. Ankagwira ntchito moyandikana, akukambirana za maliro ena a ku Mdeka, ngati palibe chomwe chachitika. Amalume atayeza ndi khasu mpata wa pakati pa malo akale a chikhomo ndi atsopano, anati pamenepo pakwana mizere inayi, uliwonse wochokera kumsewu mpaka kumtunda. Papepala mamita atatu ankaoneka ngati kanthu kochepa, koma nditaima pamenepo nkuyang'ana kutalika kwake ndinaona chimanga chodyetsa nyumba masabata angapo.

Pobwerera alamu anatsikira pakhonde lawo pa Lirangwe. Anandiuza kuti ndikafuna maphunziro apadera ndizibwera Lachiwiri masana, makasitomala amakhala ochepa. Ife tinakwera minibasi nkudutsa Lunzu. Kenako akazi anga anandigwira bondo nkunena kuti akanakhala achemwali awo sanakakamire, iwo sakanadziwa, ndipo akanadya chimanga cha m'bale wawo zaka zonse osadziwa chifukwa chimene m'baleyo wasiyira kubwera kunyumba. Ndinati ndikudziwa. Anawonjezera kuti shatiyo ndichape ndekha.

Mvula inagwa mochedwa chaka chimenecho, koma inagwa. Mu Januwale alamu anatumiza uthenga woti mizere ya aphunzitsi yamera udzu ndipo ikufunsa mwini wake. Dzina limenelo linali litakhazikika kale m'mudzi monse, moti ngakhale wa kabaza amene ananditenga pa Lirangwe anandifunsa ngati ndikupita kukaona mizere yanga. Ndinapita ndi khasu, nditavala malaya akale, nkupalira mizere inayi yonse kuchokera kumsewu mpaka kumtunda. Inanditengera m'mawa wonse. Alamu ankapalira mzere woyandikana nawo, akundisiya m'mbuyo ndi kundidikira kumapeto, nkumandiuza malo amene ndasiya udzu.